Nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri: zoyenera kulemba pa chilengezo ndi zoyenera kufufuza pokaiona

Pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, pa khoma la golosale, pa bolodi la pakhomo la sitolo yaikulu ngakhalenso m'mafoni mwathu, mawu ake amakhala pafupifupi amodzimodzi: "Nyumba ya lendi ilipo ku Area 25. Zipinda ziwiri zogona, balaza ndi khitchini. Madzi ndi magetsi zilipo. Malo abwino, pafupi ndi msewu. Imbani foni."

M'mawu amenewa mulibe bodza, koma mulibenso zomwe wofuna nyumba akufunitsitsa kudziwa. Area 25 ndi dera lalikulu, ndipo wokhala kufupi ndi msika wa Nsungwi sayenda ulendo wofanana ndi wokhala chakumapeto kwa masekitala. Madzi alipo inde, koma ali m'nyumba kapena pa mpopi wa panja womwe mabanja anayi amatungapo? Mita ya magetsi ndi ya nyumbayo yokha? Nanga mtengo, womwe ndiwo mutu wa nkhani, wabisidwa chifukwa chiyani?

Zotsatira zake mwini nyumba amatha tsiku lonse akuyankha mafoni, mafunso ake omwewomwewo. Wofuna nyumba naye amawononga ndalama ya minibasi ndi ya kabaza, nkukapeza kuti nyumbayo ndi yoti akadaikana ali kwawo. Nyumba ya zipinda ziwiri ndi imene mabanja ambiri ongoyamba kumene, aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'makampani amaifuna, ndipo ambiri mwa iwo nthawi yofufuzira nyumba ndi Loweruka lokha. Chilengezo chabwino chimayenera kuwathandiza kusankha asanakwere galimoto, ndipo tsiku lokaona nyumba likhale loyesa ngati zolembedwazo zili zoona.

Nyumba yomweyo, italembedwa bwino

Tiyerekeze kuti mayi wina wamanga nyumba kuseri kwa yake ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndipo akufuna wobwereka. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza kuti tione mawerengedwe ake, pakuti lendi imasiyana dera ndi dera ndiponso imasintha chaka ndi chaka. Chilengezo chake chikhoza kukhala chotere:

"Nyumba ya lendi ku Area 25, kuyenda pansi mphindi khumi kuchokera pa msika wa Nsungwi. Zipinda ziwiri zogona, chachikulu mamita 3.5 m'litali ndi 3 m'lifupi, china mamita 3 mbali zonse. Balaza, khitchini ya sinki, bafa ndi chimbudzi chamadzi zili m'kati. Pansi pa simenti, siling'i ilipo, mawindo ali ndi zitsulo, giza mulibe. Mita ya magetsi ndi ya nyumbayi yokha, ya mayunitsi. Mita ya madzi ndi imodzi ya nyumba ziwiri. Ili mu mpanda wa njerwa, eni ake amakhala pa poloti yomweyo, malo oimika galimoto imodzi alipo. Lendi ndi K250,000 pa mwezi, polowa mulipira miyezi itatu ndi dipoziti ya mwezi umodzi. Kulowa ndi pa 1 mwezi wamawa. Kuona nyumba ndi Lachitatu kuyambira 4 koloko mpaka 5:30 madzulo, ndi Loweruka kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko masana. Wokuonetsani ndi mwini wake, kuona ndi kwaulere. Imbani kaye musanabwere."

Chilengezochi nchotalikirapo, koma chimakwana pa pepala limodzi. Muona kuti mayiyu sanabise zomwe zingabweze anthu ena. Wanena kuti giza mulibe, kuti madzi ndi ogawana ndiponso kuti iye amakhala pomwepo. Alipo anthu amene safuna kukhala mpanda umodzi ndi alandilodi, ndipo ndi bwino adziwiretu. Aliponso ena, makamaka amene amachoka m'mawa nkubwera usiku, amene amasangalala kuti pakhomo sipasowa munthu. Amene aimbe foni atawerenga zonsezi ndi munthu amene wavomera kale theka la nkhani.

Mtunda wautchula m'mphindi zoyenda pansi, kuchokera pa malo odziwika. Mawu akuti "pafupi ndi msewu" sauza munthu kanthu, chifukwa kwa mwini galimoto makilomita awiri ndi pafupi, pamene kwa mayi wogwira ntchito ku Kanengo, amene ayenera kufika pa siteji kusanache, makilomita awiri ndi pafupifupi theka la ola mumdima kapena ndalama ya kabaza tsiku lililonse. Ndalama imeneyo ikawerengedwa pa mwezi, nyumba yooneka yotchipa imatha kudula kuposa ina ya lendi yokwererapo koma yoyandikira siteji.

Kukula kwa zipinda nako sikungokongoletsa chilengezo. Bedi lalikulu la anthu awiri limatalika pafupifupi mamita awiri ndipo m'lifupi limafika pafupifupi mita imodzi ndi theka. M'chipinda cha mamita 3 mbali zonse, bedilo limalowa pamodzi ndi wodilopu, nkutsala malo oyendamo. Chipinda chikakhala cha mamita 2.5 mbali zonse, bedi likalowa ndiye kuti wodilopu itsekereza chitseko kapena windo. Nyumba zambiri zomangidwa kuseri kwa poloti zimakhala ndi chipinda chachiwiri chomwe poyamba chinali sitolo ya katundu, ndipo pa chithunzi sichioneka kuchepa. Wopita kukaona nyumba atenge tepi yoyezera, kapena chingwe chomwe wayezera bedi lake kunyumba. Ayezenso khomo, chifukwa mipando ina ya sofa imakanika kulowa pa khomo lopapatiza lomwe likutsegukira ku kakhonde kokhota.

Mita ndiyo imayambanitsa anthu

Pa zonse zolembedwa m'chilengezo, mzere wonena za mita ndi umene ndimauona kukhala wofunika kwambiri. Mikangano yambiri ya pakati pa obwereka nyumba ndi eni ake, kapena ya pakati pa obwereka okhaokha, siyambira pa lendi. Imayambira pa funso loti mayunitsi atha bwanji msanga.

Chifukwa chake chimaoneka tikawerengera. Yunitsi imodzi ya Escom ndi mphamvu yomwe chipangizo cha mawatsi 1,000 chimadya pa ola limodzi. Mbaula ya magetsi ya mawatsi 1,500 ikayaka maola awiri kuphika nyemba, yadya mayunitsi atatu. Babu lamakono la mawatsi 10 likayaka maola asanu, ladya gawo lochepa kwambiri la yunitsi, moti pangafunike mababu 60 oyaka maola asanu kuti afanane ndi mphika wa nyemba uja. Tsono taganizani mabanja awiri a mita imodzi, lina lophikira makala ndi kungoyatsa mababu ndi wayilesi ya kanema, lina la mbaula ya magetsi, ketulo, ayironi ndi filiji. Akamagawana ndalama ya mayunitsi pakatikati, banja loyamba likulipirira lachiwiri chakudya, ndipo tsiku lina lidzatopa nazo.

Choncho mita ikakhala yogawana, chilengezo chinene, ndipo pokaona nyumba pafunsidwe kuti ndi nyumba zingati zili pa mitayo, amagula mayunitsi ndani, amagawana motani, ndiponso ngati kuphikira magetsi nkololedwa. Eni nyumba ena amaika kamita kakang'ono kowerengera nyumba iliyonse payokha kuti aliyense alipire zomwe wagwiritsa ntchito. Kamita kotero kamathetsa mikangano yambiri, ndipo ngati kalipo kalembedwe m'chilengezo.

Mukauzidwa kuti mita ndi ya nyumbayo yokha, mukhoza kutsimikiza muli pomwepo. Pemphani kuti azimitse chilichonse m'nyumbamo, kenako yang'anani mita. Mita zambiri za mayunitsi zili ndi kanyali kofiira kamene kamaphethira magetsi akamagwiritsidwa ntchito. Kakapitiriza kuphethira m'nyumba muli zii, ndiye kuti pali waya wopita kwina, mwina ku nyumba ya kuseri, ku okala ya pageti kapena ku mababu a pa mpanda. Sikuti nthawi zonse mwini nyumba amakhala akunama. Nthawi zina anaiwala kuti mababu a panja analumikizidwa pa mita imeneyo. Koma wolipira mudzakhala inu, ndiye nkhaniyo ikambidwe musanalowe.

Madzi nawo ali ndi mayeso ake, ndipo safuna katswiri. Tsegulani mpopi wa m'khitchini, wa kubafa, ndipo gejemulani chimbudzi kuti muone ngati thanki yake ikudzadzanso. Ngati pali ndowa ya malita 20, itchereni pa mpopi. Ikadzadza m'mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi ali ndi mphamvu. Ikapitirira mphindi zisanu isanadzadze, dziwani kuti shawa ya m'nyumbamo idzangodontha, makamaka m'mawa pamene dera lonse likutunga. Kenako tsekani mipopi yonse nkukayang'ana mita ya madzi. Ikamazungulirabe, paipi ikutaya madzi penapake pansi kapena pali mpopi wina womwe simunauone. Chimbudzi chomwe chimangoti tsii usiku wonse chifukwa cha mpira wakutha chimakweza bilu kuposa momwe anthu amaganizira.

Mpopi ukhoza kutuluka madzi pa ola lomwe mwapitalo koma nkumauma masiku ambiri. Ku Blantyre vutoli nlodziwika chifukwa madzi ambiri a mumzindawu amapopedwa kuchokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry nkukwezedwa mtunda wautali, kotero magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika, okhala m'malo okwera ndiwo amayamba kusowa madzi nkukhalanso omaliza kuwalandira. Ku Lilongwe madera ena akutali ndi matanki amalandira madzi pakati pa usiku. Zizindikiro zake zimaonekera pakhomo. Mukaona migolo ndi zigubu zambiri zitandandalikidwa pakhonde la oyandikana nawo, funsani. Mayi amene akuchapa pa mpopi wa nyumba yapafupi angakuuzeni zoona kuposa wina aliyense: "Pepani mayi, madzi kuno amatuluka nthawi yanji? Sabata yathayi anasiya masiku angati?"

Pomaliza pa nkhani ya madzi, pemphani kuona bilu yomaliza ya ku Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena bungwe la madzi la dera lanulo, ngati mita si yolipiriratu. Wobwereka wakale akachoka ndi ngongole, odzadula madzi safunsa kuti anamwa ndani. Tsiku lolowa, manambala a pa mita ya madzi ndi mayunitsi otsala alembedwe papepala, onse awiri muli pomwepo.

Ndalama yolowera

Wolemba chilengezo akabisa mtengo, kawirikawiri amafuna aone kaye munthu nkumutchulira malinga ndi maonekedwe ake. Mchitidwe umenewu umathawitsa anthu okhazikika, amene amawerengera ndalama zawo asanayende, ndipo amenewo ndiwo amalipira lendi pa nthawi yake.

Komanso mtengo wa pa mwezi wokha sukwanira. Pa nyumba ya mayi uja, lendi ndi K250,000, koma miyezi itatu yolipiriratu ikukwana K750,000, ndipo dipoziti ikaonjezedwa ndalama ikufika K1,000,000. Tiyerekeze kuti nyumbayo mwaipeza kudzera mwa ejenti amene mwagwirizana kuti mumupatsa theka la lendi ya mwezi, K125,000. Ndalama yofunika tsiku loyamba yafika K1,125,000, yomwe ndi lendi ya miyezi inayi ndi theka, galimoto yosamutsira katundu isanawerengedwe. Munthu amene anali ndi K500,000 m'manja akanapulumutsa ulendo wake zikanalembedwa. Tsono amafika, nyumba nkuikonda, kenako nkuthamangira katapila kuti isamuphonye, ndipo miyezi itatu ikatha, lendi yachiwiri imamupeza akubwezabe ngongole yoyamba.

Dipoziti imafuna mawu omveka. Ndi ndalama yosungitsa, yoti ikonzere zomwe wobwereka waononga, ndipo yotsala imabwezedwa potuluka. Si lendi ya mwezi womaliza pokhapokha mutagwirizana choncho. Kuti pasadzakhale kukanizana, tsiku lolowa muyendere limodzi nyumba yonse nkulemba chilichonse chomwe chili kale chowonongeka: galasi losweka, loko wosagwira, soketi yopsa, thailosi yong'aluka. Jambulani ndi foni ndipo aliyense asunge zithunzizo. Funsaninso kuti lendi ingakwere liti. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi penti inakwera, ndipo eni nyumba ambiri anakweza lendi. Mgwirizano wolembedwa wonena kuti mtengo sukwera chaka chisanathe, ndiponso kuti wofuna kuchoka kapena kuchotsa mnzake achenjeze pasadakhale, mwezi umodzi kapena kuposerapo monga mwagwirizanira, umateteza onse awiri. Pepala limodzi lolemba pamanja, losainidwa ndi mboni ziwiri, limaposa kutali mawu apakamwa.

Dongosolo lokaonera nyumba

Mwini nyumba amapindula akaika masiku ndi maola oonera. Sakhala womangika pakhomo sabata yonse, ndipo ngati m'nyumbamo mudakali wobwereka amene akutuluka kumapeto kwa mwezi, munthuyo amadziwa nthawi yomwe alendo alowe m'chipinda chake chogona. Ameneyo walipira lendi ya mweziwo ndipo nyumbayo idakali pakhomo pake. Kumubweretsera anthu mosamuuza, iye ali kuntchito ana okha ali pakhomo, nkumulakwira. Maola osankhidwawo akhale a masana. Kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo nyumba yoonedwa ndi tochi ya foni imabisa zambiri.

Nzanzeru kusalemba nambala ya poloti kapena njira yeniyeni yofikira pakhomo. Nyumba yopanda anthu ikadziwika kwa aliyense, akuba amazula mipopi, masoketi ndi mawaya. Nkokwanira kutchula malo odziwika monga msika, sukulu kapena tchalitchi, nkumakumana ndi munthu pamenepo ataimba foni ndi kunena dzina lake. Zithunzi nazo zionetse nyumba momwe ilili lero, chipinda chilichonse, bafa ndi chimbudzi, osati geti ndi maluwa okha. Katundu wa wobwereka amene ali m'katimo asajambulidwe popanda chilolezo chake.

Wofuna nyumba asapite yekha. Maso awiri amaphonya zomwe anayi angaone, komanso kulowa m'nyumba yopanda anthu ndi munthu wosamudziwa kuli ndi chiopsezo chake, makamaka kwa amayi ndi atsikana. Achibale adziwe komwe mwapita. Ndalama zisatengedwe pa ulendo woyamba.

Mukafika, musathamangire m'kati. Yambani mwaima panja nkuona komwe madzi a mvula amalowera. Pansi pa nyumba payenera kukhala pokwera kuposa bwalo. Mukaona kuti pakhomo anamangapo kampanda ka njerwa imodzi kapena ziwiri kotchinga madzi, kapena kuti msewu uli pamwamba ndipo poloti ili m'munsi popanda ngalande, funsani zomwe zimachitika mu Januwale ndi Febuluwale. Nyumba zambiri zimaonedwa m'chilimwe, pamene paliponse pali pouma. Anthu a ku Mtandire amakumbukira momwe mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu Febuluwale 2017, ndipo a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche sadzaiwala namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nyumba ya m'mbali mwa mtsinje, m'dambo kapena pa chitunda chotsetsereka imakhala yotsikirapo mtengo pa chifukwa, ndipo wolengeza woona mtima sayenera kubisa chifukwacho kwa banja lomwe lidzagonamo ndi ana.

M'kati, yang'anani kumwamba kaye. Mabanga ofiirira pa siling'i, kapena bolodi lomwe lafufuma nkulendewera, ndi umboni woti denga limadontha. Ngati mulibe siling'i, tsekani chitseko nkuona ngati kuwala kukulowa pa timabowo ta m'malata. Nyumba yopanda siling'i imatentha kwambiri mu Okutobala, imazizira mu Juni, ndipo ngati khoma logawa nyumba ziwiri silinafike kudenga, zokamba zanu zonse aneba adzazimva. Kenako yang'anani m'munsi mwa makoma. Penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha, pulasitala yofumbutuka mukaikhudza, kapena zoyera ngati mchere pa khoma zimasonyeza chinyontho chokwera kuchokera pansi. Chinyontho chotere chimaonongetsa zovala ndi matiresi ndi nkhungu, ndipo sichikhala bwino kwa mwana wa chifuwa cha mphumu. Ming'alu yopyapyala ya pa pulasitala si yoopsa. Yoopsa ndi yotakata, yoyenda mopingasa kuchokera pa ngodya ya windo kapena ya chitseko, yomwe imaonekanso kunja kwa khoma lomwelo, chifukwa imasonyeza kuti maziko akutitimira. Gogodani mafelemu a zitseko. Akamveka ngati m'kati mulibe kanthu, kapena mukaona timizere ta dothi tokwera khoma, chiswe chalowa.

Chimbudzi chamadzi chili ndi funso lomwe ambiri amaiwala. Madera ambiri a m'mizinda yathu alibe mapaipi a suweji, choncho zonyansa zimapita mu thanki ya pansi. Pemphani akuonetseni pomwe ili. Pakakhala ponyowa, pomera udzu wobiriwira kwambiri m'chilimwe kapena ponunkha, thankiyo yadzadza kapena dzenje lake lomwetsera madzi latsekeka. Funsani kuti anaipopa liti ndipo ikadzadza wolipira galimoto yopopa ndani. Ngati pali chimbudzi chokumba panja, chimathandiza kwambiri masiku omwe madzi asiya, ndipo chiyenera kutchulidwa m'chilengezo ngati chimodzi mwa zabwino za nyumbayo.

Nyumba ikakusangalatsani, bwereraninso pa nthawi ina, madzulo a Lachisanu kapena Loweruka. Malo omwe anali phee Lachitatu masana akhoza kukhala kuseri kwa bala kapena pafupi ndi chigayo. Muonenso ngati njira yochokera pa siteji imayendeka kukada. Mwini nyumba amene alibe chobisa sakana ulendo wachiwiri.

Kodi nyumbayi ndi yanu?

Funso ili limachititsa manyazi kufunsa, koma ndi limene limateteza ndalama zanu. Pali anthu amene amajambula nyumba ya eni, nkuilengeza pa mtengo wotsika mokopa. Mukaimba amati ali kutali, ku maliro kapena ku ntchito, anthu ofuna nyumbayo ndi ambiri, ndiye mutumize kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni. Ena amafika pokuonetsani nyumba yeniyeni, makiyi ali nawo chifukwa ndi obwereka amene akutuluka kapena ndi mlonda, nkulandira ndalama kwa anthu angapo. Tsiku losamuka, magalimoto awiri a katundu amakumana pageti limodzi, foni ya munthu uja itazimitsidwa.

Zizindikiro zake sizisintha kwenikweni: mtengo wotsika kuposa nyumba zofanana nazo m'deralo, kukufulumizitsani, ndi kufuna ndalama musanalowe m'kati. Musalipire nyumba yomwe simunaione m'kati, ndipo musalipire munthu amene simunatsimikize kuti ndi mwini wake kapena wotumidwa ndi mwini wake. Pemphani mwaulemu kuona chiphaso cha unzika, nkufananiza dzina ndi la pa bilu ya madzi kapena pa lisiti la mayunitsi. Maina akasiyana, pakhoza kukhala chifukwa chomveka, monga kuti mita idakali m'dzina la malemu bambo awo, koma chifukwacho chinenedwe ndipo oyandikana nawo achivomereze. Funsani nyumba ziwiri zapafupi kuti eni ake a nyumbayi ndani. M'madera omwe muli mfumu kapena mkulu woyang'anira buloko, iye amadziwa. Potumiza ndalama pa foni, onetsetsani kuti dzina la wolandira ndi lomwelo la pa chiphaso, ndipo lisiti losainidwa mulilandire ngakhale uthenga wa pa foni ulipo. Nyumba ikakhala ya bungwe la Malawi Housing Corporation kapena ya kampani, amene akukubwerekaniyo mwina naye ndi wobwereka chabe, ndipo eni ake enieni akhoza kukutulutsani ngati sanavomereze.

Maejenti si onse oipa. Ambiri amayenda m'makwalala tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa nyumba yomwe ikutsala pang'ono kutuluka anthu eni ake asanalengeze. Ntchito imeneyo njoyenera malipiro. Chofunika nchakuti chilengezo chinene poyera kuti wolemba ndi ejenti, ndalama yoonetsera nyumba ndi zingati, ikukwanira nyumba zingati, ndipo nyumba ikapezeka alandira zingati kuchokera kwa ndani. Ejenti amene amatenga ndalama yoonetsera nkukupititsani ku nyumba yoti inatengedwa kale sabata yatha akudyera pa maulendo anu. Ndalama ya lendi ndi dipoziti ziperekedwe m'manja mwa mwini nyumba, ejenti alandire gawo lake padera.

Malamulo a pakhomo nawo alembedwe kapena anenedwe tsiku loonera: geti limatsekedwa nthawi yanji, wobwereka apatsidwa kiyi wake kapena ayi, ziweto nzololedwa, bwalo amasesa ndani, zinyalala zimatayidwa kuti, wobwereka angachite geni pakhomo. Mwini nyumba ali ndi ufulu wonena chiwerengero cha anthu omwe nyumba ya zipinda ziwiri ndi thanki ya chimbudzi chake zingakwanitse. Koma kukana munthu chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake, kapena chifukwa ndi mayi wosakwatiwa, ndi tsankho, ndipo sikunathandizepo mwini nyumba aliyense kulandira lendi pa nthawi yake. Chothandiza nkufunsa komwe munthu amapeza ndalama ndi kulankhula ndi alandilodi ake akale.

Inu eni nyumba, musanamate pepala pa mtengo kapena kutumiza uthenga, liwerengeninso muone ngati mwatchula mita zonse ziwiri, ndalama yonse yolowera, anthu okhala pa polotipo ndi maola oonera. Nyumba ikatengedwa, kamatuleni pepalalo ndipo muwauze maejenti tsiku lomwelo, kuti ena asawononge ndalama ya ulendo. Inu ofuna nyumba, Loweruka likubwerali tengani chingwe choyezera, foni yojambulira ndi mnzanu mmodzi, koma ndalama zitsale kunyumba mpaka mutaona chiphaso cha mwini wake.